Mwana Watsegula M'mimba: Kamwetsedwe ka Madzi a Thanzi, Tsamba ndi Tsamba

Tsamba 1: Yambani lero, musadikire kuti muone mawa

Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira apo pa tsiku limodzi, ndiye kuti watsegula m'mimba. Chimene chimapha mwana wotere nthawi zambiri si tizilombo timene talowa m'mimbamo ayi, koma kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Thupi la mwana ndi laling'ono, madzi ake satenga nthawi kutha. Mwana amene m'mawa amasewera pabwalo akhoza kukhala atalefukiratu pofika usiku.

Tsono ntchito yanu ndi imodzi: madzi amene atuluka, abwezereni pomumwetsa madzi a Thanzi, amene amakonzedwa posungunula paketi ya ufa wa shuga ndi mchere m'madzi. Yambani tsiku loyamba lomwelo, mwana akadali ndi mphamvu zomwera.

M'masamba onsewa titsatira mwana mmodzi woyerekeza, wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, amene kusikelo anamupeza ndi makilo 9. Akuyamwabe, ndipo amadya phala ndi nsima. Kuyambira m'mawa wasinthidwa thewera kanayi, konseko ndi madzi okhaokha.

Khanda limene likungoyamwa bere lokha limachita chimbudzi chofewa kangapo pa tsiku, ndipo zimenezo si matenda. Chodetsa nkhawa ndi pamene chimbudzicho chasintha, chakhala chamadzi kwambiri komanso chikubwera pafupipafupi kuposa masiku onse. Mayi ake ndiye amadziwa bwino kusinthako.

Tsamba 2: Muyang'aneni bwino mwanayo musanasungunule kanthu

Si mwana aliyense wotsegula m'mimba amene angasamalidwe pakhomo. Mutengeni mupite naye powala, ngati ndi usiku yatsani tochi, ndipo muone zinthu zinayi.

Onani maso ake ngati alowa m'kati kuposa mmene amakhalira. Mupatseni madzi muone kamwedwe kake, ngati akumwa bwinobwino, ngati akulanda kapu ndi ludzu lalikulu, kapena ngati akulephereratu kumeza. Onani ngati akusewera, akungolira osatonthola, kapena wangoti lefu, wovuta kudzutsa. Kenako mugonekeni chagada, mutsine khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, muligwire pang'ono ndi kulisiya. Khungu la mwana amene ali ndi madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likatsala litaima kwa kamphindi, madzi achepa. Likatenga nthawi yoti mutha kuwerenga "wani, thuu" lisanabwerere, madzi achepa kwambiri.

Nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala ngati mwana sakutha kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akugwedezeka ngati wa khunyu, ndi wovuta kudzutsa, kapena m'chimbudzi muli magazi. Chimodzimodzi khanda losakwana miyezi iwiri, mwana amene watentha thupi, mwana wonyentchera kapena wotupa mapazi, ndiponso amene wakhala akutsegula kwa masabata awiri. Ngati akutha kumeza, mumwetseni kapena muyamwitseni m'njira monse.

Mwana wathu uja maso ake ali bwino, akumwa mwachizolowezi, khungu likubwerera msanga. Ameneyu tiyamba naye pakhomo.

Tsamba 3: Sambani m'manja, konzani madzi aukhondo

Sambani ndi sopo pa madzi othira, osati a m'beseni limene onse asambiramo. Manja omwe angochotsa thewera ndi omwewo agwire supuni, ndiye apa musathamange. Tsukaninso jagi, kapu ndi supuni.

Madzi osungunulira akhale owiritsa mpaka kubwadamuka, kenako aziziritsidwe atavundikiridwa. Ngati mumathira Wotagadi kapena kolorini wa alangizi a zaumoyo, tsatirani muyeso umene anakuuzani ndipo dikirani mphindi 30 musanawagwiritse ntchito. Musasungunulire m'madzi otentha, ndipo mukasungunula musawiritsenso.

Bwanji ngati ndi pakati pa usiku, nkhuni zanyowa, kolorini mulibe? Tengani madzi akumwa abwino koposa amene muli nawo m'nyumba, musungunule. Kuchedwetsa mwana maola angapo chifukwa chofuna moto ndi koopsa kuposa kumumwetsa madzi a pamjigo amene amamwa kale masiku onse.

Tsamba 4: Yezani lita imodzi yeniyeni

Apa ndi pamene zinthu zimalakwika kawirikawiri, ndipo ndikupemphani kuti musayeze ndi maso. Paketi ya Thanzi, komanso mapaketi ena olembedwa ORS amene amaperekedwa kuchipatala, kwambiri amakhala a lita imodzi. Werengani pa paketi yanu kuti mutsimikize, chifukwa alipo ena a muyeso wocheperapo.

Njira yosavuta ndi botolo lapulasitiki la madzi akumwa la theka la lita, lolembedwa 500 ml. Litsukeni, mulidzaze kawiri, ndi kuthira m'jagi. Imeneyo ndiye lita. Makapu a m'nyumba ndi osiyanasiyana, ena ang'onoang'ono, ena ngati kambiya, choncho "makapu asanu" a m'nyumba mwanu sangafanane ndi a kwa aneba.

Chifukwa chake tikulimbikira ndi ichi. Madzi akachepa, mcherewo umachuluka. Mwana akamwa madzi oterowo, m'malo moti alowe m'thupi amakokera madzi ena m'matumbo, kutsegula kumakula, ndipo mchere ukakwera kwambiri m'magazi mwana akhoza kukomoka. Anthu ena amachepetsa madzi dala, amati mankhwala akhale amphamvu. Mphamvu yake ili mu muyeso wolondola. Madzi akachulukanso mopitirira, mwana salandira mchere wokwanira kubwezera umene wataya.

Tsamba 5: Thirani paketi yonse, takasani mpaka isungunuke

Ng'ambani paketi, muthire ufa wonse mu lita ija. Musasunge theka kuti mudzagwiritse ntchito mawa, chifukwa mu ufawo muli zinthu zingapo zosakanizidwa ndipo simungazigawe mofanana ndi dzanja. Takasani ndi supuni yoyera mpaka pansi pasatsale kanthu, kenako vundikirani.

Musaonjezeremo shuga, Sobo, mkaka kapena china chilichonse chokometsera. Shuga ndi mchere za m'paketimo zinayezedwa kuti ziyendere limodzi: m'matumbo, shugayo ndi amene amalowetsa mchere m'thupi, ndipo mchere ukalowa madzi amatsatira. Njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale mwana akutsegula kwambiri, ngakhale pa kolera. Shuga akachuluka, zimenezi zimasokonekera.

Lawani pang'ono. Mchere wake usapose wa misozi. Ngati ukuposa, china chake chalakwika pa muyeso, tayani muyambirenso.

Kumbukirani nthawi imene mwasungunula. Madzi amenewa amakhala maola 24 okha. Mukasungunula 10 koloko m'mawa lero, otsala muwataye 10 koloko m'mawa mawa ndipo musungunule paketi ina, ngakhale jagi itakhala yodzaza theka. Shuga amene alimo amakondweretsanso tizilombo.

Tsamba 6: Chimbudzi chilichonse, bwezerani

Lamulo lake ndi lakuti nthawi iliyonse mwana akachita chimbudzi chamadzi, amwe.

Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100, kumene kuli ngati kota mpaka theka la kapu ya tiyi yaikulu. Wa zaka ziwiri mpaka 10 amwe mamililita 100 mpaka 200, theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Wamkulu kuposa apo amwe mmene angafunire. Ngati mwana wa msinkhu uliwonse wamaliza muyeso wake ndipo akufunabe, mupatseni. Ludzu lake likukuuzani zoona.

Mwana wathu wa chaka ndi miyezi iwiri ali m'gulu loyamba. Popeza wachita kale kanayi asanamwe kanthu, mayi ake sadikira chimbudzi chachisanu. Amuthirira theka la kapu nthawi yomweyo. Akachitanso masana, theka lina. Akamwetsedwa chotere kasanu pa tsikulo, adzakhala atamwa pafupifupi theka la lita, kuphatikiza pa bere ndi phala.

Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi limene likungoyamwa, bere ndiye loyamba: liyamwitseni pafupipafupi ndiponso kwa nthawi yaitali. Madzi a Thanzi ndi oonjezera pa berelo, ndipo khanda lotere ndi bwino a zaumoyo alione tsiku lomwelo.

Tsamba 7: Mwetsani ndi kasupuni, pang'onopang'ono

Theka la kapu lija si lomwa kamodzi. Khalani pansi, mumukhazike mwana pamiyendo mutu uli m'mwamba, osamugoneka chagada. Tengani kasupuni ka tiyi, mumupatse kamodzi, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, mumupatsenso. Ikani kasupuniko m'mbali mwa kamwa, chakutsaya, kuti madzi asathamangire kukhosi. Mwana wamkulupo atha kumwera m'kapu, koma azingopsontha pang'onopang'ono. Botolo la nkhumbu lisiyeni, ndi lovuta kutsuka ndipo mwana amamwa mothamanga.

Kasupuni ka tiyi kamatenga pafupifupi mamililita 5. Choncho theka la kapu ndi timasupuni 20, ntchito ya mphindi 20 mpaka 40. Mukangomaliza, mwina mwana wachitanso china, muyambirenso. Imeneyi ndi ntchito yomanga munthu pamalo amodzi tsiku lonse, ndipo mayi yekha sangaikwanitse pamodzi ndi kutunga madzi, kuphika ndi kuchapa matewera. Abambo, agogo, azakhali, landiranani. Wina agwire supuni, wina aone za pamoto. Usiku gawanani maola, chifukwa kutsegula m'mimba sikugona.

Mwana akamakana, musamutsine mphuno, ndipo musamutsanulire m'kamwa akulira, angatsamwidwe madzi ndi kulowa m'mapapo. Muyamwitseni pang'ono atonthole, kenako yesaninso. Ena amalola akaona amayi awo akumwako m'kapu yawo. Dziwaninso kuti mwana amene madzi sanachepe m'thupi nthawi zina amakana chifukwa cha kukoma kwa mcherewo, pamene amene ali ndi ludzu lenileni amathamangira supuni. Wokana koma akusewera ndi kukodza, pitirizani kumunyengerera ndi kumupatsa zakumwa zina zoyenera. Wokana chifukwa chofooka, ameneyo ndi wa kuchipatala.

Tsamba 8: Akasanza, dikirani mphindi 10, yambiraninso

Makolo ambiri amagonjera apa. Mwana wamwa, wasanza, ndipo m'nyumba mumveka mawu akuti, "Zamukana izi, musiyeni." Chonde musasiye.

Kusanza kumachitika kwambiri mu ola loyamba kapena lachiwiri, makamaka mwana akamwa mothamanga chifukwa cha ludzu. Zimene zatuluka zimaoneka zambiri pa chitenje, koma si zonse zimene anamwa. Zina zinadutsa kale kupita m'matumbo. Mupukuteni, mumusiye apume mphindi 10, kenako yambiraninso mochedwerapo: kasupuni kamodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Nthawi zambiri madzi akayamba kubwerera m'thupi kusanzako kumachepa kokha.

Mwana wathu uja wasanza atamwa timasupuni 10. Mayi ake ayang'ana nthawi pa foni, adikira, ayambiranso mosathamanga. Theka la kapu latenga ola lathunthu, koma lakhazikika.

Kusanza koopsa ndi kwakuti chilichonse chimene chalowa, ngakhale kasupuni kamodzi, ngakhale bere, chikubwerera nthawi yomweyo, ndipo mwayesa kangapo modekha osasintha. Pamenepo musatayenso nthawi pakhomo.

Tsamba 9: Musayembekezere kuti kutsegula kuleke lero

Madzi a Thanzi satseka m'mimba. Ndikufuna izi zimveke bwino, chifukwa anthu ambiri amawasiya pa tsiku lachiwiri amvekere sakugwira ntchito. Ntchito yake ndi kusunga mwana ali ndi madzi pamene thupi likulimbana ndi matendawo, ndipo kutsegula kwa ana kochuluka kumatha kokha pa masiku ochepa. Mwana akhoza kumwa ndi kuchita chimbudzi nthawi yomweyo, inu ndi kuona ngati madziwo angodutsa. Sanangodutsa. Akanapanda kumwa akanachitabe, koma popanda chobwezera.

Ndiye mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Musawerenge chimbudzi chokha, yang'anani mkodzo. Mwana amene akulandira madzi okwanira amakodza, m'kamwa mwake mumakhala malovu, akalira misozi imatuluka, ndipo amayamba kufuna kutsika pamiyendo. Poti chimbudzi chamadzi chimabisa mkodzo m'thewera, musiyeni kanthawi pa chitenje chouma kuti muone. Akatha maola asanu ndi limodzi kapena kupitirira osakodza, madzi sakukwanira.

Zikope zikatupa, ndiye kuti walandira okwanira ndi kupitirira. Imitsani madzi a Thanzi, mupatseni bere ndi madzi wamba, ndipo kutupako kukatha mubwerere ku muyeso wa pa chimbudzi chilichonse.

Tsamba 10: Bere lisaleke, chakudya chisaleke

Mwana wotsegula m'mimba sagonekedwa ndi njala kuti m'mimba mupume. Matumbo amachira msanga akamalandira chakudya, ndipo mwana womanidwa chakudya amatsika sikelo, matenda otsatira ndi kumupeza ali wofooka kale.

Yamwitsani nthawi iliyonse imene akufuna, usana ndi usiku. Mkaka wa m'mawere suwonongeka chifukwa mayi wayenda padzuwa, wachoka pakhomo tsiku lonse kapena ali ndi pakati pena. Mwana amene anayamba kudya mupatseni pang'onopang'ono koma kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta ophikira, nsima yofewa ndi msuzi, dzira, nsomba yochotsa minga, mbatata yokanya. Nthochi yakupsa ndi yabwino kwambiri chifukwa imabwezera mchere wina wotchedwa potaziyamu umene umatayika ndi chimbudzi. Chakudya chikhale chophikidwa kumene, osati chogona.

Zakumwa zina zothandiza pakati pa madzi a Thanzi ndi phala lamadzimadzi, madzi a mpunga wophika, msuzi ndi madzi akumwa aukhondo. Zoti mupewe ndi Fanta, Kokakola, Sobo, majuwisi a m'sitolo ndi tiyi wa shuga wambiri. Ndikudziwa kuti wodwala timakonda kumugulira chakumwa chozizira pomusonyeza chikondi, koma m'zakumwa zimenezi shuga ndi wochuluka ndipo mchere wofunikawo mulibe, choncho zimakulitsa kutsegula.

Tsamba 11: Mapiritsi a zinki, masiku 10 osadumphitsa

Madzi a Thanzi ali ndi mnzake, mapiritsi a zinki. Amenewa ndi amene amafupikitsa masiku otsegula, amachepetsa kukula kwa matendawo, ndipo amathandiza kuti mwana asadwalenso msanga m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Amapezeka kuchipatala ndi kwa alangizi a zaumoyo amene amayendetsa kiliniki ya m'mudzi. Mukapita kukatenga mapaketi, funsaninso za zinki.

Piritsi limodzi limakhala la mamiligalamu 20. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo amwe piritsi lathunthu kamodzi pa tsiku. Wa miyezi iwiri mpaka isanu amwe theka. Ikani piritsilo pa supuni, mukamirepo mkaka wa m'mawere kapena muthirepo madzi pang'ono, ndipo lisungunuka lokha posachedwa. Mupatseni atadya kapena atayamwa, chifukwa m'mimba mopanda kanthu limachititsa nseru. Akasanza pasanathe theka la ola, mupatseninso lina.

Mwana wathu alandira mapiritsi 10. Pa tsiku lachinayi chimbudzi chalimba, wayamba kuthamanga pabwalo, ndipo apa ndi pamene mapiritsi asanu ndi limodzi otsala amakaiwalika pa windo kapena kusungidwira mwana wina. Amalize onse. Chitetezo cha miyezi ikubwerayo chimadalira kumaliza masiku onsewo. Ngati a chipatala akupatsani a masiku 14, malizani 14.

Tsamba 12: Musagule mankhwala a pagolosale

Bakitirimu, Fulajilo ndi makapisozi ogula pa golosale kapena pamsika si mankhwala a kutsegula kulikonse. Kutsegula kwamadzi kwa ana aang'ono nthawi zambiri kumayamba ndi mavairasi, ndipo mankhwala amenewa sachita kanthu pa mavairasi. Amafunika pa matenda ena monga kamwazi, ndipo woyenera kusankha ndi wa chipatala atamuona mwanayo. Mapiritsi otseka m'mimba amene akuluakulu amamwa ndi oopsa kwa mwana: amaimitsa matumbo, mimba imafufuma, mwana amagona tulo tosadziwika bwino, pamene madzi akutayikabe m'kati.

Mawu awiri amachedwetsa ana ambiri. Oyamba ndi akuti, "Ndi mano awa, akumera." Kaya mano akumera kaya ayi, madzi amene akutuluka ndi omwewo ndipo ayenera kubwezeredwa. Achiwiri ndi a liwombo. Liwombo la khanda likalowa m'kati pamene likutsegula m'mimba kapena kusanza, chimenecho ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi. Kumata mankhwala pamutu sikungalikweze. Agogo amene aona liwombolo aona zoona, ndipo athokozedwe chifukwa cha maso awo, koma ulendo wake ukhale wa kuchipatala, mwana akumwa m'njira. Madzi akabwerera, liwombo limadzaza lokha.

Tsamba 13: Zikasintha, pitani kuchipatala ndi jagi yanu

Muoneni mwana mobwerezabwereza monga munachitira pa tsamba lachiwiri, makamaka madzulo kusanade, pamene mayendedwe akadali osavuta. Pitani kuchipatala ngati chimbudzi chachuluka, kusanza sikukuleka, ludzu lakula, wayamba kukana bere ndi chakudya, watentha thupi, mwaona magazi, kapena masiku atatu apita osasintha.

Tiyerekeze kuti mwana wathu zamuvuta tsiku lachiwiri. Maso alowa, akungolira, akaona kapu akuilanda, khungu likubwerera mochedwa. Madzi achepa, koma akutha kumwa. Mayi ake athira madzi a Thanzi m'botolo loyera, atenga kasupuni ndi kabuku ka kuchipatala, anyamuka.

Kuchipatala mwana wotere nthawi zambiri samuika diripi. Amamuyeza kulemera, ndipo pa kilo iliyonse amawerengera mamililita 75 oti amwe m'maola anayi. Wa makilo 9 ndiye kuti mamililita 675, botolo la theka la lita limodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a lina. Pa kasupuni ka tiyi ndi timasupuni 135, kamodzi pa mphindi zosakwana ziwiri zilizonse, kwa maola anayi, bere likupitirira. Mayi amakhazikidwa pa benchi ndi kapu, ndipo maola anayi akatha amamuonanso mwanayo. Ena amakhumudwa, amati ayenda mtunda wonsewo kudzangopatsidwa zomwe anali nazo kunyumba, jakisoni osabayidwa. Komatu chithandizo choyenera pa msinkhu umenewu wa matenda ndi chomwecho, ndipo phindu lokhala pamenepo ndi lakuti zikavuta diripi ili pafupi. Diripi ndi ya mwana amene walefukiratu, sakutha kumwa, kapena khungu lake likuchedwa kwambiri kubwerera.

Mwana wonyentchera kwambiri kapena wotupa ali ndi madzi akeake amene amaperekedwa kuchipatala, a mchere wocheperapo, chifukwa mtima wake sungapirire muyeso wa ana ena. Ameneyo musamuwerengere nokha pakhomo.

Ngati chimbudzi chikutuluka chochuluka, choyera ngati madzi otsukira mpunga, makamaka m'dera mukamveka kolera, musadikire chizindikiro china. Kolera amatha madzi m'maola ochepa chabe. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Sungunulani, yambani kumwetsa, nyamukani.

Tsamba 14: Ngati paketi mulibe

Paketi ndiyo yabwino koposa, chifukwa muli potaziyamu ndi zina zimene simungazipeze m'khitchini. Koma ngati kwada ndipo m'nyumba mulibe, musagone osachita kanthu. Mu lita imodzi ya madzi aukhondo thirani timasupuni ta tiyi tisanu ndi kamodzi ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Timasupuniti tikhale tosalaza, osati tosefukira: dzazani, kenako dutsitsani mpeni kapena chala pamwamba. Samalani kuti musasinthanitse shuga ndi mchere. Lawani musanamupatse mwana, ndipo ngati mchere ukumveka kwambiri, tayani. Ngati mulibe choyezera chodalirika, mupatseni phala lamadzimadzi lothira kamchere pang'ono, madzi a mpunga ndi bere.

Zimenezi ndi zongofikira m'mawa. Kukacha pitani kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala mukatenge mapaketi ndi zinki. Mapaketi otsala asungeni pouma, m'chitini kapena m'botolo lotseka. Paketi imene yang'ambika, ufa wake waumbika kapena wasintha mtundu, kapena tsiku lake lapitirira, musaigwiritse ntchito.

Tsamba 15: Akachira, onjezerani chakudya masabata awiri

Madzi a Thanzi muwasiye pamene chimbudzi chamadzi chaleka. Zinki apitirire mpaka mapiritsi athe. Chatsala ndi kubwezera thupi limene latsika.

Kwa masabata awiri, mupatseni mwana chakudya chimodzi choonjezera pa tsiku kuposa mmene amadyera. Ngati amadya katatu, adye kanayi. Masiku amenewa njala yake imabwera ndi mphamvu, choncho musamumane akapempha china. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone mmene wadyera, osati kulimbirana ndi akulu ake m'mbale imodzi.

Chimbudzi cha mwana, ngakhale wa khanda, chitayidwe m'chimbudzi, ndipo matewera achapidwe kutali ndi pamene mumatunga kapena kusunga madzi akumwa, kuti ana ena m'nyumbamo asatengere. Tsiku la sikelo likakwana pitani naye, muwauze kuti anadwala, ndipo muone ngati wabwerera pa makilo 9 ake aja. Ngati m'nyumba muli khanda, tsegulani kabuku kake muone ngati linalandira katemera wa rota, wa madontho a m'kamwa, amene wakhala akuperekedwa m'Malawi kuyambira 2012. Amaperekedwa khanda likadali ndi masabata ochepa, ndiye ngati malo ake m'kabukumo ndi osalembedwa, funsani pa sikelo yomweyo.